Mlembi watilanda maola awiri

Zolengeza za kutchalitchi kwathu zili ndi ndondomeko yake. Mlembi amayamba ndi maukwati, n'kubwera kwa odwala amene agonekedwa ku Zomba Central, ngongole ya simenti, ambulera imene inaiwalika pa benchi la amayi a Mvano. Nkhani yokhudza mpingo wonse amaisungira kumapeto, ana atayamba kulira, ife abambo titatsinzina mwaulemu kuti anthu aziti tikupemphera.

Ndiye anawerenga: "Abale ndi alongo, chifukwa cha kutentha kwa mwezi uno wa Okutobala, kuyambira sabata la mawa mapemphero a Chichewa aziyamba 8 koloko m'mawa, osati 10 koloko. A Chingerezi aziyamba 6 koloko. Amene mwamva mukauze amene sanabwere."

Chifukwacho n'chomveka. Tchalitchi chathu n'cha malata opanda siling'i, ndipo ikamakwana 11 koloko jekete limamatirira kumsana. Koma mlembi amakhala kuseri kwa tchalitchi. Agogo aja ochokera kuphiri, kufupi ndi Ku Chawe, ayenera kuyamba kutsetsereka nkhungu isanachoke. Iwo sanadandaule n'komwe. Wodandaula ndi ine wa ku Chinamwali, amene njinga yamoto imanditula pakhomo penipeni.

Mundimvetse. Kwa ine 10 koloko inali ndi malo opumira. Tiyi ndi mbatata, kukoleza makala a ayironi, kusaka tayi, n'kukalowa hafu pasiti teni kwaya yachiwiri ikuimba, nkhope ili ngati ndachedwa ndi kuona wodwala. Luso limeneli silisamukira ku 8 koloko, chifukwa nthawi imeneyo madzi osamba amakhala asanatenthe.

Vuto lenileni lili pa mawu aja akuti mukauze anzanu. Amene amafunika kumva za nthawi ndi omwewo amene kulibe. Uthenga utafika pa gulu lathu la WhatsApp unabala ana: wina akuti 6, wina 8, wina akufunsa ngati n'za Sande ino yokha. Amene sanamve adzafika 10 koloko atatchena, n'kupeza ulaliki watha, mbale ya chopereka ikuyenda. Ndikukayika ngati msungichuma anatsutsako ganizoli.

Madzulo ndinayesa kuwaunikira mayi a kunyumba kuti Mulungu sagona, amamva pemphero ola lililonse.

"Bambo a Chikondi," anatero osasiya kusadzula ndiwo, "Red Lions ikamasewera mumakafika osewera asanavale nsapato."

Ndinati chabwino, bola tizituluka msanga, ndizikagona masana. Apo m'pamene ndinamva kuti maola awiriwo anagawidwa kale ine kulibe. Sande ino tikukaona apongozi ku Jali, inayo tikukagula mbewu ya chimanga mvula isanagwe, ndipo yotsatirayo ndi ine wokwera padenga kukamata podontha.