Kaonongedwe ka Tsiku Lounika Ntchito Lisanafike n'Komwe

Bwana amene akufuna kuti zokambirana zounika ntchito ya munthu wake zisaphule kanthu asadikire tsiku lake, chifukwa zambiri zimaonongekera pa kaitanidwe. Titenge mayi wina, kalaliki wa maakaunti pa kampani yopikulitsa katundu ku Limbe, amene wakwanitsa chaka ndipo nthawi yake younikidwa yafika.

Yambani ndi uthenga wa pa foni, Lachisanu anthu akulongedza zoweruka: "Mayi, Lolemba m'mawa mundipeze ku ofesi kwanga." Musawonjezerepo kanthu. Mawu amenewa ndi omwewo amene munthu amaitanidwa nawo ndalama zikasowa, choncho mayiyo akwera minibasi ya ku Bangwe mtima uli m'mwamba. Loweruka ndi Lamulungu akhala akufukula m'mutu risiti iliyonse imene inasochera, tulo osabwera. Mukafuna kuti mantha afike penipeni, lembaninso kuti a ofesi yoona za antchito adzakhalapo, koma musanene chifukwa. Lamulo la ntchito la 2000 limati munthu asachotsedwe pa zifukwa za khalidwe kapena kulephera ntchito asanapatsidwe mpata wodziteteza, ndipo antchito ambiri amadziwa kuti msonkhano wotero umayamba ndi kuitanidwa kotereku. Lolemba mayiyo adzalowa atakonzekera mlandu umene kulibe.

Pali mawu ochepa amene angakusokonezereni zonsezi, ndiye muwapewe: "Mayi, ndi nthawi ija ya chaka yoti tikhale pansi tione mmene ntchito yayendera. Si mlandu, aliyense akudutsamo. Lachiwiri kapena Lachinayi la sabata yamawa, lokukomerani ndi liti?" Munthu wouzidwa chonchi amagona tulo, ndipo poti tsiku wasankha yekha, amabwera ndi zonena zake.

Tsiku musankhe nokha, osayang'ana kalendala ya ntchito yake. Kwa kalaliki wa maakaunti masiku opanikiza amadziwika: kumapeto kwa mwezi pokonza malipiro, ndiponso pofika pa 14 pamene msonkho wodulidwa pa malipiro uyenera kukhala utapita ku MRA. Ikani zokambiranazo pa 13. Adzakhala pampando maso ali pa wotchi, ndipo adzavomera chilichonse kuti abwerere ku desiki msanga. Nthawi ya nkhomaliro kapena mphindi 15 zotsala kuti aweruke zimachitanso chimodzimodzi.

Nkhani yaikulu ndi fomu younikira ntchito. Isungeni m'dirowa mpaka atakhala pansi, kenako mumutambasulire mutalembamo kale mamalikisi anu. Akanailandira kutatsala sabata, pamodzi ndi zija munagwirizana kumayambiriro kwa chaka, akanatsegula mafayilo n'kupeza umboni. Akanakumbukira kuti malipoti a Juni ndi Julayi anachedwa chifukwa mnzake anali pa tchuthi cha uchembere cha masabata 8 ndipo iye ankasenza ntchito ya anthu awiri. Akanakumbukiranso ngongole zakale za makasitomala zimene anazilondola mpaka zinabwezedwa. Koma mukamufunsa mwadzidzidzi kuti wachita chiyani chaka chino, m'mutu mumabwera za masabata awiri apitawa basi, ndipo nanunso mukukumbukira zomwezo. Miyezi 11 ya thukuta lake imatayika chonchi, ndipo n'zomvetsa chisoni chifukwa fomu imeneyi ndi imene adzatsegule pokambirana zomukweza.

Tsikulo likafika, lisuntheni. Muuzeni ali pakhomo, fayilo ili m'manja, kuti mwaitanidwa kwina, ndipo musatchule tsiku lina; mungoti "tidzaonana". Mukatero kawiri, amvetsa kuti ntchito yake ili kumapeto kwa zofunika zanu, ndipo kachitatu sadzavutikanso kukonzekera. Mukakumana, khomo likhale lotsegula kuti a pa kauntala azimva, foni yanu ikhale pa tebulo ndipo muziyankha.

Kuti zatheka mudzadziwira pa mayankho ake. Mukati malipoti amachedwa, adzati "Ndamva, bwana, ndikonza," osatchula za mnzake uja, popeza kutsutsa wamkulu wopanda pepala m'manja kumaoneka ngati mwano. Mukafunsa ngati ali ndi funso, adzati palibe. Bokosi la maphunziro amene akufuna lidzatsala lopanda kanthu, chonsecho wakhala akulimbana ndi pulogalamu yatsopano ya maakaunti imene palibe anamuphunzitsa, ndipo ndi imene idzachedwetsenso malipoti a chaka chamawa. Adzasaina osawerenga, n'kuthokoza, n'kuthamangira ku desiki kukamaliza za msonkho zija.