Malangizo kwa wofuna kupsa mtima ndi liwiro la intaneti

Munthu amene walipira intaneti ya 20 Mbps ali ndi ufulu wokwiya, koma mkwiyo wabwino umafuna kukonzekera. Choyamba, asayezere pafupi ndi rauta. Apite kuchipinda chakumapeto, kuseri kwa makoma atatu a njerwa zootcha, atseke chitseko, atsegule Speedtest pa foni imene anamusiyira achimwene ake. Rautayo ikhale pansi, kuseri kwa kabati, itafunditsidwa kansalu koluka kuopa fumbi. Waifai imafooka pa khoma lililonse, makamaka ya 5 GHz, choncho 4 Mbps ituluka popanda kuvutikira.

Nthawi yabwino ndi 8 koloko usiku, pamene dera lonse likulimbirana nsanja imodzi, ana ali pa YouTube, ndipo mnyamata wa aneba amene anapatsidwa pasiwedi pa chinkhoswe cha chaka chatha akadali nayo. Ayeze kamodzi basi. Kubwereza kumaononga mlandu.

Akatero, m'mawa mwake ali pafupi ndi rauta akopere fayilo, aone 2.4 MB/s, aimbe foni kukampani kuti amubera. Asamvere aliyense womuuza kuti kampani imagulitsa mamegabiti pomwe fayilo imawerengedwa m'mamegabaiti, ndiponso kuti baiti imodzi ndi mabiti 8. Kugawa 20 ndi 8 kumapereka 2.5, ndipo kosowako kamathera pa maadiresi ndi zizindikiro zoperekeza deta. Apa kampani ilibe mlandu, n'zomvetsa chisoni.

Za seva asazilabadire. Speedtest imasankha yokha seva yapafupi, pomwe zambiri zimene Amalawi amatsegula zimachokera kutali, kudzera m'zingwe zodutsa ku Mozambique kapena ku Tanzania.

Koma pali kamawu kamodzi kosaseketsa: “mpaka”. Mpaka 20 Mbps. Wogulitsa chimanga atalemba kuti thumba lake ndi la “mpaka makilogalamu 50” n'kupereka 15, msika wonse ungamuthamangitse. Kampani imalemba 20 m'zilembo zikuluzikulu, za liwiro lotsikitsitsa osatchula, ndipo zina zimachepetsa liwiro dala munthu akadutsa mlingo wa deta wobisika m'timalemba ta pansi.

Wofuna umboni woti kampani isaukane achite zotopetsa izi: alumikize laputopu ku rauta ndi chingwe, achotse zipangizo zina zonse, azimitse VPN, asankhe seva imodzimodzi nthawi zonse. Ayeze katatu m'mawa, katatu masana, katatu usiku, kwa masiku angapo, akulemba nthawi ndi zotsatira. Chingwe chikamapereka 18 kapena 19, foni kuchipinda n'kumapereka 4, vuto ndi makoma ndi kansalu kaja. Chikamapereka 19 m'mawa ndi 5 usiku uliwonse, kampani yadzaza anthu pa netiweki, ndipo pepalalo lipite kwa iwo, akazengereza lipite ku MACRA.

Wa bandulo ayambe wawerengera: pa 20 Mbps, masekondi khumi okha oyeza amadya mamegabaiti 25.