Funso Lachitatu ndi Ngongole ya Alamu

Loweruka lonse ndinatha ndili patebulo, kukonza mafunso khumi oyesera ophunzira anga a Fomu 3 pa ziphunzitso za chabwino ndi choipa. Funso lililonse linali ndi mayankho anayi osankhapo ndi malikisi awiri, ndipo papepala lina ndinalemba ndemanga zofotokoza chifukwa chake yankho lina ndi lokhoza pamene enawo ndi olakwa. Nditamaliza ndinadzimva ngati pulofesa. Ndinaitana mwana wanga wamkazi wa Fomu 4 kuti ayambe wayesa iyeyo, kenako achonge yekha ndi pepala la ndemangalo. Kunena zoona, ndinkangofuna kuti andigomere.

Mafunso awiri oyamba anadutsa ngati akumwa madzi. Loyamba linkafunsa dzina la chiphunzitso chimene chimayeza ntchito poona zotsatira zake, kuti yadzetsa chimwemwe chochuluka bwanji kwa onse okhudzidwa. Anati yutiliteriyanizimu, ya Jeremy Bentham ndi John Stuart Mill. Lachiwiri linali la diyontoloje, mawu ochokera ku Chigiriki okhudza udindo. Anakhoza.

Lachitatu ndi limene ndinkanyadira. Linkati: munthu wabwereka K60,000, walonjeza kubweza pakutha pa mwezi, koma mumtima akudziwa kuti sabweza. Kodi Immanuel Kant anganene kuti kulakwa kwake kuli pati? A, wobwereketsa uja avutika. B, mfundo imene munthuyu akuyendera singakhale lamulo la anthu onse. C, akudzizoloweretsa khalidwe loipa. D, Mulungu analetsa bodza. Chitsanzocho si changa, Kant mwini wake anachigwiritsa ntchito m'buku lake la 1785. Ine ndinangoikamo makwacha.

Mwanayo anasankha B, n'kukhoza. Koma atawerenga ndemanga yanga anaumitsa nkhope.

“Adadi, apa mwalemba kuti B ndi wolondola chifukwa anthu onse atamanama chonchi dziko lingavutike. Nanga kuvutika si zotsatira? Ndiye B akusiyana pati ndi A?”

Ndinatsokomola pang'ono, njira imene ife aphunzitsi timagulira nthawi. Mwanayo sankanama. Ndinali nditamuveka Kant malaya a Mill. Kant sakunena kuti tiwerenge anthu amene avutike. Akuti tenga mfundo yako, yakuti ndikasowa ndalama ndizilonjeza zabodza, uyerekeze kuti yakhala lamulo la munthu aliyense. Pamenepo mawu akuti “ndibweza” sakhalanso ndi tanthauzo, palibe angawakhulupirire, ndiye ngongole ukuifunayo suipezanso. Bodza lako limadalira kuti anthu ena azinena zoona. Mfundoyo imadzidya yokha, ndipo imadzidya ngakhale wobwereketsayo atakhala mpondamatiki woti sangazindikire n'komwe kuti ndalama zasowa. Wophunzira akalemba za mavuto a dziko, ndiye kuti wasankha chilembo cholondola ndi maganizo a chiphunzitso china. Ndi cholakwa chimene ndakhala ndikuchidula ndi bolopeni yofiira kwa zaka zambiri, ndipo apa ndinali nditachilemba ndekha, ndi dzanja labwino ndithu.

Ndili mkati mokonza ndemangayo, foni yanga inalira. Nditaona dzina ndinaiyang'anitsa pansi. Inalira kachiwiri, n'kusiya. Kenako inalira ya mayi a kunyumba, kukhitchini.

Apa ndiyenera kuulula. Miyezi inayi yapitayo ndinabwereka ndalama kwa alamu anga, mchimwene wawo wa mayiwa, amene ali ndi golosale. Ndinati ndibweza malipiro akangolowa. Ndikulankhula choncho n'kuti malipirowo nditawagawa kale m'mutu: lendi, fizi, matumba awiri a feteleza a kumudzi. Alamu munalibemo.

Ndinathamangira pakhomo la khitchini n'kunong'ona kuti, “Muwauze kuti ndili kosamba.”

Mayi anandiyang'ana, foni ili kukhutu. “Ee achimwene, alipo. Akulemba mayeso a anthu obwereka ndalama osabweza.”

Kant akanasangalala nawo mayiwa. M'chaka cha 1797, poyankha Benjamin Constant, analemba kuti sungamunamize ngakhale wakupha amene akufunsa komwe wabisala mnzako. Mfundo imeneyi ndimaitsutsa m'kalasi chaka chilichonse, ndipo ndimaitsutsabe. Koma sindinadziwe kuti ndinakwatira wotsatira wake, ndiponso alamu anga si wakupha, amangofuna zawo.

Alamu anati abwera madzulo. Ndinabwerera patebulo n'kuyamba kudziteteza kwa mwana wanga, yemwe sanandifunse kanthu. Ndinati tiyeni tiione nkhaniyi ngati Bentham. Ndalamazo kwa amalume ako ndi phindu la masiku ochepa, kwa ife zinali fizi yako. Chimwemwe chathu chaposa kuwawa kwawo.

Iye anatsegula ndemanga ya funso lachisanu, imene ndinalemba ndekha m'mawa womwewo. Inkati Bentham, m'buku lake la 1789, sawerenga kukula kokha kwa chimwemwe kapena kuwawa. Amafunsanso kuti zikhala nthawi yaitali bwanji, zibala zina zotani, ndipo zikhudza anthu angati. M'munsi ndinali nditachenjeza ophunzira kuti amene wawerenga chimwemwe chake chokha wayankha za kudzikonda, osati za yutiliteriyanizimu.

“Amami mwawawerenga?” anafunsa. “Kuyambira Epulo sapita kugolosale kwa amalume, amakagula sopo kutali chifukwa cha manyazi.”

Zimenezo sindinkazidziwa. Masamu anga anali ndi anthu awiri okha, ndipo mmodzi ndinamupatsa malikisi onse.

Ndinathawira kwa Aristotle. Iyeyu, ndinatero, amaphunzitsa kuti khalidwe labwino lili pakati, monga kulimba mtima kuli pakati pa mantha ndi kudziponya pangozi mopanda nzeru. Choncho madzulo ano ndiwapatsa alamu theka, K30,000, tikumane pakati. Ndinkanena moseka, koma mumtima ndinali nditatsimikiza.

Tsoka lake, funso lachisanu ndi chiwiri linali lomwelo, ndipo yankho lakuti “pakati ndi theka” ndinaliika dala ngati msampha. Aristotle amakana poyera kuti pakatipo ndi pa masamu. Amati ngati miyeso khumi ya chakudya ndi yambiri ndipo iwiri ndi yochepa, sizitanthauza kuti aliyense adye isanu ndi umodzi, chifukwa kwa Milo, katswiri wogwetsana uja, imeneyo ndi yochepa, pamene kwa wongoyamba kumene ndi yambiri. Ine m'ndemanga ndinasandutsa miyesoyo mitanda ya nsima. Ndinawonjezanso kuti kwa iye ntchito zina, monga kuba, zilibe pakati n'komwe. Palibe kuba pang'ono koyenera. Mwanayo anandiwerengera zonsezi mokweza, mosathamanga, ngati akuwerenga kalata ya kwa mfumu. Kenako anabwerera ku funso lachitatu n'kuloza C.

“Uyu ndi wa Aristotle, eti? Kuti munthu amakhala chimene amachita mobwerezabwereza? Kwa amalume n'kachingati?”

Kanali kachitatu. Ndinamuuza kuti funso limenelo mulibe papepala.

Alamu anafika dzuwa litapendeka. Sanakalipe, ndipo zimenezo ndi zimene zinandipweteka. Ndinawapatsa K20,000 imene ndinali nayo, n'kuwauza kwa nthawi yoyamba mmene malipiro anga amayendera, kuti yotsalayo ndingathe K10,000 pamwezi. Anati ndikanatero poyamba pomwe akanandibwerekabe. Ali kumwa tiyi anatola pepala la mafunso lija n'kuyamba kuwerenga. Atafika pa lachitatu anaima, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

“Alamu, munthu wa mufunsoyu bwanji wabwereka ndalama zofanana ndendende ndi zanga?”

Lolemba ophunzira anga analemba mayesowo. Munthu wa m'funso lachitatu anali atabwereka K45,000.