Kalata ya ku Finansa imene inandigulitsitsa ng'ombe

Ndili ndi kakampani kakang'ono ku Ulongwe. Ndimagulitsa feteleza ndi mbewu m'sitolo, ndipo nthawi yokolola ndimagula mbatata ya kachewere kwa alimi a ku Domwe ndi ku Tsangano n'kuitumiza mumzinda wa Tete. Chaka cha 2022 chinandiyendera bwino kuposa zaka zonse, ndipo mavuto anga anachokera pomwepo.

Kontabilista atatseka mabuku, phindu linali mametikali 600,000. Msonkho wa makampani, IRPC, ndi 32 pa 100 iliyonse ya phindu, ndiye unakwana 192,000. M'kati mwa chakacho ndinali nditaperekako kale 72,000 ya msonkho wopereka chaka chisanathe, choncho inatsala 120,000, yoyenera kulowa pamodzi ndi fomu ya Modelo 22 mwezi wa Meyi 2023 usanathe. Koma phindu lambiri linali papepala pokha. Munthu wina wa ku Tete anatenga mbatata yanga pangongole, ndinamulembera fatura, ndipo anali asanalipire. Alimi amene ndinawakongoza feteleza anali akudikira kugulitsa chimanga ndi soya. Boma limawerengera malonda pa nthawi imene mwagulitsa, ngakhale ndalamayo simunaigwire m'manja.

Kontabilista ndiye anandiuza kuti njira ilipo. Lamulo lotchedwa Decreto 45/2010 limalola amene ali ndi ngongole ya msonkho wa pa phindu, IRPS kapena IRPC, kupempha kuti azilipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Amene wapempha nthawi yolipira mwaufulu isanathe angapatsidwe mpaka miyezi 12. Ngongole ikakhala kuti yapita kale ku gawo lotolera mokakamiza, miyezi ingafike 24. Msonkho umene mwadula pa malipiro a antchito sulowa m'menemo, chifukwa ndalamayo si yanu, mumangoisungira boma.

Pempholo limalembedwa m'Chipwitikizi. Ndi rekerimento yopita kwa nduna yoyang'anira zachuma, koma imaperekedwa ku ofesi ya msonkho ya m'dera limene munalembetsa, kumene ife timangoti ku Finansa. Muli dzina la kampani, nambala ya NUIT, mtundu wa msonkho ndi chaka chake, kuchuluka kwa ngongole, chifukwa chimene simungalipire kamodzi, ndiponso chiwerengero cha magawo amene mukupempha. Ife tinaphatikizapo pepala la ku banki loonetsa zimene zinali mu akaunti ndi makope a mafatura osalipidwa aja. Tinalemba makope awiri kuti limodzi alidinde chidindo ndi tsiku, ndibwerere nalo kunyumba.

Zonsezi tinazichita bwino, pa nthawi yake. Pamene ndinalakwa ndi pa mzere umodzi wokha, wa chiwerengero cha magawo.

Kontabilista anati tilembe 12, ndizipereka 10,000 pamwezi. Ine ndinakana. Ndinkachita manyazi kuoneka ngati munthu wogwa, ndinkaopa chiwongoladzanja chimene chimapitirira kuwerengedwa ngakhale pempho litavomerezedwa, ndiponso munthu wa ku Tete uja anali atalumbira pafoni kuti Juni asanathe ndalama yonse ifika. Ndinati tilembe magawo 4 a 30,000, kuyambira Juni mpaka Seputembala. Iye anaika cholembera pansi n'kunena kuti, "Bambo, mwaiwala Julayi ndi Seputembala. Miyezi imeneyo ili ndi mwini wake kale." Ndinamumva, koma mtima unali pa lonjezo la pafoni.

Chimene ankanena ndi msonkho wopereka chaka chisanathe uja. Kampani imayenera kupereka 80 pa 100 iliyonse ya msonkho wa chaka chapita, m'magawo atatu ofanana, mu Meyi, Julayi ndi Seputembala. Chaka chabwino chimakweza magawo a chaka chotsatira. Kwa ine, 80 pa 100 iliyonse ya 192,000 inali 153,600, kutanthauza 51,200 katatu. Ya Meyi ndinaipereka ndi ndalama yonse imene inali m'sitolo. Kalata yanga inkanena za ngongole ya 2022 yokha, sinakhudze za 2023 ngakhale pang'ono. Ndiye mu Julayi ndinayenera kupeza 30,000 ya lonjezo langa kuphatikiza 51,200, zonse pamodzi 81,200. Ndikanamvera, zikanakhala 61,200, yolemerabe koma yotheka kunyamula.

Ndipo Julayi kwathu kuno si mwezi wa wogulitsa feteleza. Mvula ili kutali, anthu sanayambe kugula zolimira, kupatula ochepa a kumadimba. Ndi nthawi imene wamalonda amatulutsa ndalama kugula mbewu kwa alimi, ndipo mlimi safuna mawu, amafuna ndalama pasikelo pomwepo. Ndalama ya sitolo yanga imalowa kuyambira Okutobala mpaka Disembala. Izi ndinkazidziwa kuposa wina aliyense, poti ndine ndimakhala kuseri kwa kauntala, koma m'kalata ndinalonjeza kumaliza ngongole yonse miyezi ya ndalama isanafike n'komwe.

Pempho linavomerezedwa monga ndinalilembera. Gawo la Juni ndinalipira. Wa ku Tete uja anatumiza pang'ono, kenako foni yake inasiya kulowa. Julayi atafika ndinali ndi yokwanira chimodzi chokha. Ndinapereka 51,200, ndikuganiza kuti gawo la 30,000 ndiliphatikiza ndi la Ogasiti, monga timachitira ndi ngongole za pakati pa ife amalonda. Sindinapite kukafunsa, sindinamuuzenso kontabilista, poti ndinkadziwa nkhope imene andionetse.

Lamulo lija limanena poyera kuti mukaphonya gawo limodzi, magawo onse otsala amafunika nthawi yomweyo, ndipo nkhani imapita ku gawo lotolera mokakamiza. Kumeneko pamwamba pa ngongole pamabwera chiwongoladzanja ndi ndalama zoyendetsera mlanduwo, ndipo mapeto ake angakhale kulandidwa katundu kapena kugwidwa kwa ndalama ya ku banki. Pamene pepala linandipeza, ngongole sinalinso 30,000 yochedwa. Inali 90,000 yonse ndi zoonjezera zake, kwinaku 51,200 ya Seputembala ikudikira. Amene anandilandira ku ofesi anandilankhula mwaulemu. Anandionetsa rekerimento yanga yomwe, ndi siginecha yanga pansi pake, ndipo panalibe chimene ndikanatsutsa.

Usiku umenewo ndinawauza amayi a kunyumba zonse. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti, "Bambo a ana, inu munalemba miyezi inayi pofuna kusangalatsa yani?" Yankho ndinalibe. Iwo ndi amene anati tisadikire kuti sitolo itsekedwe pa nthawi imene alimi akufuna feteleza. Tinagulitsa ng'ombe ziwiri zokoka ngolo, zimene ndinasiyiridwa ndi malume, pa mtengo wa munthu wofulumira, ndipo ogula anadziwa kuti ndafulumira. Ngongole inatha, sitolo inatsala, koma dzinja limenelo manyowa ndi mbewu tinanyamula pa ngolo yobwereka.

Mnzanga wina wogulitsa soya atabwera chaka chatha ndi vuto lofanana, tisanalembe chilichonse tinatenga pepala n'kulemba miyezi 12 motsikira pansi. Pambali pa mwezi uliwonse tinalemba ndalama imene imalowadi, osawerengera ngongole za anthu, n'kuchotsapo lendi, malipiro a antchito ndi misonkho ina ya mwezi umenewo. Mwezi umene unatsala ndi zochepa kwambiri ndi umene unatiuza kukula kwa gawo. Iye anapempha miyezi yonse 12, ndipo ngakhale zinali choncho, gawo la Julayi analipira atabwereka pang'ono kwa mlamu wake.