Mbewa ya manyazi ndi buledi wa alamu

Mbewa ya manyazi idafera ku una, adatero akale. Kaya mbewayo inali ndi uvuni kaya ayi, koma alamu anga ali nawo, ndipo manyazi ake ndi omwewo. Atamanga kabekale kuseri kwa nyumba yawo ku Chilomoni, anandiuza kuti buledi wokoma amadziitanira yekha makasitomala. Ndinawafunsa ngati buledi wawoyo ali ndi pakamwa.

Tinakhala pakhonde n'kuyamba kugawa K300,000 yomwe inatsala atagula ufa ndi shuga. Iwo mtima unali pa wailesi, ati dzina lawo limveke dziko lonse. Koma munthu wa ku Karonga akamva, akwere basi kudzagula sikono imodzi? Buledi amagulidwa ndi munthu woti akhoza kufika wapansi madzi a tiyi asanawire. Wailesi tinaisiya.

Chikwangwani cha kumsewu chinadya K90,000, muvi wake wamkulu kuposa dzina, poti una wa alamuwo ngwobisika zedi. K120,000 inapita ku masikono olawitsa. Apa alamu anatsala pang'ono kulira. "Ndiphike ine, anthu adye ulele?" Ndinati eya, koma osati aliyense wodutsa. Kutatsala milungu iwiri kuti atsekule, thireyi imodzi inapita kwa amayi a banki m'khonde, ina kwa anyamata a kabaza pasiteji, ina kwa eni maokala ndi matiyirumu. Amenewa akalawa kanthu sagona nako m'mimba, dera lonse limamva. K50,000 inali ya mnyamata wa njinga woperekera buledi m'maokala, K20,000 ya bandulo yotumizira zithunzi pa WhatsApp m'magulu a kumpingo. Yotsalayo tinabisa, chifukwa magetsi ali ndi khalidwe lothima mtanda uli mu uvuni.

Tsiku lotsekulira tinaliika Loweruka la kumapeto kwa mwezi, anthu atangolandira. Pakati pa mwezi munthu amanunkhiza buledi n'kupita kukaphika mbatata. Ndipo tinagwirizana kuti ng'anjo iziyaka tambala woyamba, kuti fungo lizikumana ndi opita kuntchito. Fungolo lokha ndiye silinatilipiritse.

Pofika mlungu wachisanu ndi chimodzi tinatsegula kope. Zala zoyamikira pa WhatsApp zinali mbwee, koma zala sizigula ufa. Tinawerenga maokala amene anaitanitsanso kachitatu, ndi buledi wobwerera madzulo atauma. Mwa maokala khumi, asanu ndi awiri anali kuitanitsabe. Atatu enawo, a kutsidya kwa msewu, ankabweza theka, ndiye njinga inasiya kupitako.

Vuto linatulukira pa tsamba lomaliza. Maokala anayi anali atatenga buledi pangongole kuyambira mlungu woyamba.

"Alamu, bwanji simunakatolere?"

Anayang'ana pansi, chala chikukanda patebulo. "Aaa, ndimapemphera nawo limodzi anthu amenewa. Mwina mupiteko ndinu."