Mmene mungatetezere matumba 17 kuti asapezeke

Tiyerekeze kuti ndinu kalaliki wa nkhokwe ya kopaletivi ina kwa Jenala. Pa 1 Juni munali ndi matumba a chimanga 420 a makilogalamu 50. Mwezi wonse mwalandira 300, mwatulutsa 510. Ngakhale mwana wa Sitandade 4 akuuzani kuti patsale 210. Komiti yawerenga m'mawa wa pa 1 Julaye, yapeza 193. Matumba 17 palibe, ndipo apampando akukuyang'anani ngati mwadya mbuzi ya maliro.

Musatekeseke, achimwene. Nenani kuti ndi makoswe. Khoswe sapita kukhoti, safunsa alawansi, ndipo wa ku Phalombe ndi waulemu kwambiri: amadya makilogalamu 850 pamwezi, masaka omwe ndi ulusi wake, kenako n'kusesa pansi. Zoti madzi a Freddy adakokolola zisiyeni, poti namondweyo adadutsa mu Malichi 2023 ndipo komiti ili ndi kalendala.

Choopsa ndi munthu wokonda mapepala. Akabwera wotere, musamulole kufunsa komwe 420 uja adachokera. Nambala yoyambira yoona ndi imene anthu adawerenga ndi manja kumapeto kwa Meyi n'kusainira. Yongokopera ku bini khadi yakale imabwera ndi matenda a miyezi yonse yam'mbuyo. Akafuna kuwerenganso mulu, muuzeni kuti makwerero adabwerekedwa. Akakwera pamwamba aona ngati mzere womaliza uli wodzaza, komanso ngati pakati pa mulu pali phanga, pomwe inu mumangowerenga mbali imodzi n'kuchulukitsa. Tinene kuti wakwerabe, ndipo 420 ndi 193 zonse zapezeka zoona.

Apa bisani kabuku ka mlonda wa pageti. Muli lole ina yomwe idanyamula matumba 10 madzulo a pa 30 Juni kupita ku Migowi, inu mutaweruka, weyibilu yake n'kudzalembedwa mawa lake komiti itawerenga kale. Katundu adatuluka mu Juni, pepala lidatuluka mu Julaye. Akangoyika kabukuko pambali pa bini khadi, matumba 10 apezeka asanamalize n'komwe botolo la thobwa, ndipo makoswe anu atsala ndi 7.

Mbali ya zolandira ndiye yokoma, chifukwa pamenepa ulesi umaoneka ngati kukhulupirira anzathu. Lole ikafika, musaime padzuwa kuwerenga zomwe amaganyu akutsitsa. Tengani weyibilu ya dalaivala, kopani nambala yake pa GRN, sainani. Dalaivala ndi munthu wamkulu, anganame? Vuto ndi kapitawo wa amaganyu, amene amalipidwa pa thumba, choncho salakwitsa ngakhale limodzi. Timizere take tikusonyeza kuti mwezi wonse adatsitsa 296, osati 300. Matumba 4 amenewo sadalowepo m'nkhokwe yanu. Mudalandira inki yokha. Mukadalemba kuperewerako pa weyibilu dalaivala asanadzutse galimoto, ngongoleyo ikadakhala ya wonyamula. Pano ndi yanu, mudaisainira nokha ndi dzanja lokongola.

Atsala 3. Pamenepa mukhoza kutchula dzuwa, koma mosamala, chifukwa dzuwa limadya mwa masamu. Nthawi ya chiperoni chimanga chimabwera chisanaumitsitse. Matumba 100 mudawalandira chinyezi chili pa 15 peresenti, mudayanika mpaka 13, n'kuthiranso m'masaka pa sikelo. Kuwerengera kwake n'kotere: 5,000 kuchulukitsa ndi 85, kugawa ndi 87, mupeza makilogalamu 4,885. Amenewo ndi matumba 97 odzaza ndi limodzi la makilogalamu 35, lomwe komiti idaliwerenga ngati thumba lathunthu poti nalonso lili ndi pakamwa posoka. Ndiye kuti 100 adasanduka 98. Dzuwa ladya 2 basi, ndipo likana kusenza ena ngakhale mulichonderere. Odita adzavomera awiriwo pokhapokha ataona pomwe mudalemba chinyezi polandira ndi pomaliza kuyanika, choncho ngati mukufuna mkangano wautali, kamakina koyezera chinyezi kazikhala m'kabati kopanda mabatire.

Njira yachidule iliponso: kufufuta 210 pa bini khadi n'kulembapo 193. Imagwira ntchito bwino mpaka tsiku lomwe wina adzayerekeze khadiyo ndi leja ya msungichuma, yomwe ikunenabe 210. Anthu osafuna zosangalatsa amalemba mzere watsopano pa chifukwa chilichonse: 10 atuluka pa weyibilu yakutiyakuti, 4 sadafike, 2 kuuma, apampando n'kusainira pambali.

10, 4 ndi 2 akwana 16. Latsala thumba limodzi lopanda pepala, lopanda lole, lopanda dzuwa. Limeneli mukhoza kuwapatsa makoswe ndithu. Kungoti msonkhano usanayambe, kumbutsani apampando kuti loko wa nkhokwe adabwera ndi makiyi atatu, ndipo inu muli ndi imodzi yokha.