Nthungululu kwa Gogo Chalo "Wadzuka?"

Womberani m'manja inu a ku Chigumula, ndipo amayi imbani nthungululu, pakuti lero ndikutamanda mfumu imene ilibe ndodo, ilibe nduna, ilibe ngakhale chithunzi. Imafika m'mamawa tambala atangolira kachiwiri, chifunga cha Chiperoni chitaphimba msewu wa ku Thyolo moti minibasi zopita ku Limbe zikungomveka hutala osaoneka. Foni imanjenjemera pansi pa pilo, ndipo ukatsegula diso limodzi umapeza mawu osakwana mizere itatu: "Aise, wadzuka? Kuno chifunga, mpanda sukuoneka. Nanga kamwana kaja kagona, kapena katsokomolanso usiku wonse?"

Basi, mfumu yathu ndi yomweyo. Ena amati ndi kauthenga chabe. Anthu oterowo akhululukidwe.

Taonani kudzichepetsa kwake. Anzake amabwera atavala bwino: duwa lofiira lili ndi mame, kapu ya khofi imene palibe aliyense pa msika wa Chigumula anamwerapo, dzuwa likutuluka pa phiri la chisanu la dziko losadziwika, ndi mawu agolide okufunira tsiku lopambana. Amenewo ndi mabwana, ndipo amayenda ndi chizindikiro pamutu. Kuyambira mu 2018 WhatsApp imalemba `Forwarded` pamwamba pa uthenga wongopatsirana, ndipo umene wadutsa m'manja ambiri umapatsidwa mivi iwiri ndi mawu akuti `Forwarded many times`. Mu 2019 eni ake anachita kuika malire kuti munthu asatumize uthenga umodzi kumalo oposa asanu nthawi imodzi, ngati mmene amamangirira mbuzi yolowa m'minda. Mfumu yathuyi sinamangidwepo. Ndani angaipatsire kwa wina? Mutatumiza funso la kamwana kotsokomola kwa abusa, kwa alamu kapena kwa bwana wa ku ntchito, onsewo angaganize kuti mwasokonekera mutu. Ulemerero wake wonse wagona pamenepo: kunja kwa foni ya munthu mmodzi ndi uthenga wopanda ntchito.

Ndaupenda thupi lake ngati mmene ogula nkhuku amachitira, ndipo ndapeza kuti uli ndi ziwalo zochepa. Umayamba ndi dzina limene mumaitanana inu awiri, kaya aise, kaya amwene, kaya dzina lachipongwe lija la ku pulayimale limene mkazi wake salidziwa. Apa Chichewa chimatigwira msanga. Mnzako amene munkagawana naye chigumu pa buleki ukamulembera kuti "Mwadzuka bwanji, achimwene?" pomwe masiku onse umati "wadzuka", amadziwa kuti mwina wakwiya, mwina ukufuna ngongole. Chilembo chimodzi chokha, m, chimatha kumanga mpanda pakati pa anthu. Koma ngati inu awiri munazolowera kulemekezana, musasinthe lero pofuna kuoneka achikondi. Mfumuyi imalankhula mmene pakamwa panu pamalankhulira.

Kenako pamabwera kanthu kamene wolembayo akuona ndi maso ake m'mawa umenewo. Chifunga, matope a pa siteji, mpopi wouma, galu wa aneba amene wakuwa mpaka kucha. Nkhani zonyozeka zedi, koma ndi umboni wakuti uthengawo waphikidwa lero, si mkute. Chomaliza, chimene chimavuta kuposa zonse, ndi kukumbukira. Uyenera kukumbukira zimene mnzako anadandaula dzulo: mwana wodwala, denga lodontha, tomato amene anapikula ku Bvumbwe n'kumufewera asanagulitse. Duwa lofiira lija silifuna kuti ukumbukire chilichonse, n'chifukwa chake ndi lotchuka.

Tisaiwale kutamanda kusadya kwake. M'masiku a kumapeto kwa mwezi, bandulo itatsala ya mlomo umodzi, chithunzi chimangozungulira osatseguka, chili mbuu ngati Chiperoni yemweyo, pomwe mawu okhaokha amadutsa ngakhale netiweki ikutsimphina. Bandulo ikatheratu mfumu imavula nsapato n'kuyenda pansi ngati SMS, kaya pa TNM kaya pa Airtel, mpaka kukafika pa kafoni kamabatani ka agogo. SMS imodzi imanyamula zilembo 160, ndipo moni wa mnzanga uja amakwanamo n'kutsala malo. Koma samalani ndi zokongoletsa. Mukangoikamo kankhope kosekerera kamodzi, kapena chilembo chathu chija cha ŵ chovala chipewa, malo amatsika kufika pa zilembo 70, uthenga umodzi n'kusanduka awiri, mayunitsi n'kupita kawiri. Mfumu imeneyi imalanga odzikometsera.

Tsono ndinganame nditati ilibe nkhanza. Mfumu iti ilibe? Duwa lopatsirana umaliyankha ndi chala chachikulu n'kupitiriza tulo, palibe mlandu. Koma funso la kamwana limafuna yankho lenileni, ndipo nkhupakupa ziwiri zija zikasanduka zabuluu, mnzako amadziwa kuti wawerenga. Umayenera kukhala tsonga pa bedi, zala zitauma ndi kuzizira kwa Julaye, n'kufotokoza kuti katsokomola pang'ono, mankhwala kakumwa, ukapita nako ku chipatala kukapanda kusintha. Madzi a tiyi amawira mpaka kuphwa iwe ukulemba. Ndi msonkho umenewo, ndipo amautolera kusanache.

Ilinso ndi achibale ochititsa manyazi amene amavala nkhope yake. Woyamba ndi moni wa kalambulabwalo. Amafika mwaulemu, kufunsa za ana ndi za mayi kumudzi, ndipo ukangoyankha, pasanathe mphindi ziwiri m'bale wake weniweni amatulukira: "Ndiye pa Mpamba pali kangachepe?" Ukachitiridwa zimenezi kawiri, moni aliyense wa munthuyo umamuwerenga dzanja lili pa thumba. Kumuzindikira n'kosavuta: amachokera kwa munthu amene wakhala chete miyezi itatu, ndipo mafunso ake ndi a chisawawa, oti angafunse aliyense. Wachiwiri ndi moni wa mlandu, uja woti "Koma ndiye ziii, mwatitaya." Ameneyu sabwera kudzakudzutsa, amabwera kudzakuzenga.

Ine ndemwe ndinalakwirapo mfumuyi, ndivomere pagulu. Tsiku lina ndinaona kuti moni amene ndinalembera mnzanga wina wandikomera kwambiri, ndipo ndinati zabwino sizidyedwa ndi munthu mmodzi. Ndinakopera mawuwo n'kumata kwa mnzanga wachiwiri, poganiza kuti popeza sindinadine kamuvi kopatsira, chizindikiro chija sichioneka. Sichinaonekedi. Chimene chinaoneka ndi funso lakumapeto limene ndinaiwala kufufuta, lofunsa ngati nkhumba zija zasiya kutsegula m'mimba. Mnzanga wachiwiriyo amakhala m'nyumba ya lendi ku Bangwe, ndipo ngakhale nkhuku alibe. Anandiyankha ndi mawu awiri: "Zili bwino." Ndinatha sabata ndikupepesa.

M'mawa uno chifunga chabweranso. Azakhali anditumizira kale duwa lawo, lachikasu ulendo uno, ndipo ndawapatsa chala chachikulu monga mwa mwambo. Pansi pake pali mizere iwiri ya mnzanga wa ku Bangwe uja: "Iwe wa nkhumba, wadzuka? Ambulera yanga ija ukufuna uikwatire?"

Ambulerayo ndinaisiya mu minibasi mwezi watha, ndipo nkhupakupa zasanduka kale zabuluu.